Zokonza zatha koma wounika sakubwerera: mmene amamasulira pempho lotsekeredwa pa GitHub

Pa GitHub, malo a pa intaneti amene olemba mapulogalamu a kompyuta amasungirapo ntchito yawo ndi kugwirira limodzi, pali mawu awiri ofiira amene amatha kukhala pa tsamba miyezi yambiri osasuntha: `Changes requested`. Mawuwa amabwera munthu akaunika ntchito ya mnzake n'kunena kuti ikonzedwe kaye isanalandiridwe. Mwini ntchito amakonzadi, mwina tsiku lomwelo, koma mawu ofiira aja sachoka. Wounika uja wapita kutchuthi, kapena am'patsa ntchito ina, kapena wangoiwala, ndipo zokonza zimene anthu akuzidikirira zimangokhala osalowa m'pulogalamu.

Ambiri zikawachitikira amayamba ndi kudikira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pankhani iyi kudekha kokha sikupindula kanthu, chifukwa GitHub inapangidwa mwanjira yoti wounika akhoza kukhala osadziwa n'komwe kuti akudikiridwa. Munthu akamvetsa mmene zimenezi zimachitikira, amadziwanso choyenera kuchita, nthawi yochitira, ndi amene ali ndi mphamvu yochotsa chiletsocho.

Mmene pempho limayendera

Pulogalamu ya kompyuta ndi malangizo olembedwa m'mafayilo, amene eni ntchitoyi amawatcha khodi. Pulogalamu yaikulu imalembedwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi, choncho pamafunika chida chosunga mbiri ya chilichonse chimene chasinthidwa, ndi amene wasintha. Chida chofala kwambiri ndi Git, chimene Linus Torvalds anachiyamba mu 2005. GitHub, imene inatsegulidwa mu 2008, imasunga nkhokwe za khodi zogwiritsa ntchito Git n'kuwonjezerapo masamba okambiranapo.

M'nkhokwe iliyonse muli nthambi yaikulu, nthawi zambiri yotchedwa `main`, imene pulogalamu yeniyeni imachokerako. Munthu akafuna kukonza cholakwika sasintha nthambi yaikuluyo mwachindunji. Amatsegula nthambi yake, n'kumasunga zosintha zake m'tizigawo, kagawo kalikonse kali ndi nambala yakeyake. Pa sikirini kagawoka kamalembedwa kuti `commit`. Akamaliza amatsegula `Pull request`, lomwe ndi pempho loti zosintha zake ziphatikizidwe ku nthambi yaikulu. M'nkhani ino tizingoti pempho.

Pempho lisanaphatikizidwe, munthu wina amaliwerenga mzere ndi mzere n'kulemba ndemanga. Kuyambira 2016, wounika pa GitHub amatsiriza ndi chimodzi mwa zigamulo zitatu. `Comment` ndi ndemanga chabe, yosavomereza komanso yosaletsa. `Approve` ndi kuvomereza. `Request changes` ndi kunena kuti ntchitoyi isalowe mpaka itakonzedwa. Chachitatuchi ndiye gwero la vuto lathu.

Chifukwa chake mawu ofiira sachoka okha

Chiletso chimamatirira kwa munthu amene anachiika. GitHub siitha kuwerenga ndemanga ya wounika n'kuzindikira kuti zimene anapempha zachitika. Chimene imadziwa n'chakuti chigamulo chomaliza cha munthu uyu ndi chokana, ndipo chikhala chomwecho mpaka munthu yemweyo atavomereza, kapena wina wa mphamvu atachichotsa. Zili ngati loko amene kiyi wake wapita m'thumba la munthu mmodzi.

N'chifukwa chake zinthu zinayi zimene anthu amayesa sizigwira ntchito. Kutumiza tizigawo tatsopano ta zosintha sikuchotsa chiletso. Kudina `Resolve conversation` pansi pa ndemanga iliyonse kumangopinda zokambiranazo kuti zisadzaze tsamba. Kupeza anthu ena awiri kapena atatu kuti avomereze sikuphimba kukana kwa mmodzi uja. Ndipo lamulo limene eni nkhokwe ambiri amayatsa, la `Dismiss stale pull request approvals when new commits are pushed`, limafufuta zivomerezo zakale zokha khodi ikasintha. Zoletsa limazisiya mmene zilili. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa, poganiza kuti lamulo lofufuta zakale lifufuta zonse.

Mbali ina ya vutoli ili kwa wounika. GitHub imasungira munthu aliyense mndandanda wa mapempho amene akudikira kuti iye aunike, pansi pa mutu wakuti `Review requests`. Akangopereka chigamulo, pempholo limachoka pa mndandandawo, chifukwa kwa GitHub ntchito yake yatha. Mwini pempho akatumiza zokonza, pempholo silibwerera lokha pa mndandanda. Mwina wounika alandira imelo yonena kuti kwabwera zosintha, koma ambiri anazimitsa mauthenga amtundu umenewu, ndipo amene sanazimitse amawaona pakati pa maimelo ankhaninkhani ofanana nawo. Imelo yotereyi sinenanso ngati munthuyo wamaliza kapena akadali pakati pa ntchito. Motero aliyense amakhala akuganiza kuti akudikira mnzake. Mwini pempho akuti, ndakonza, abwera aone. Wounika akuti, akamaliza andiuza.

Nkhani yoyerekezera

Tiyerekeze gulu laling'ono limene limasamala pulogalamu yolembera malisiti m'masitolo. Ogula ena adandaula kuti chiwerengero cha pansi pa lisiti nthawi zina chimasiyana ndi tambala imodzi. Mtsikana wina wa m'gululo wapeza gwero lake n'kutsegula pempho nambala 412. Lolemba, mkulu wina wa m'gululo waunika n'kusankha `Request changes`, ndipo wapempha zinthu zitatu.

Choyamba, ndalama ziziwerengedwa m'matambala ngati manambala athunthu paliponse pamene pulogalamu ikugwira ndalama. Chifukwa chake n'chenicheni: kompyuta imasunga manambala okhala ndi kadontho mongoyandikira, moti m'chilankhulo cha Python zimatuluka motere:

```
>>> 0.1 + 0.2
0.30000000000000004
```

Kachidutswa kotsalirako kakaunjikana pa katundu wambiri kamasanduka tambala yosowa kapena yoonjezera. Chachiwiri, pakhale mayeso oona zimene zimachitika wogula akabweza katundu, pamene chiwerengero chimapita kunsi kwa ziro. Chachitatu, dzina lakuti `calc` lisinthidwe likhale `calculate_total` kuti wowerenga azimva.

Pofika Lachitatu mtsikanayo wakonza n'kutumiza tizigawo titatu. Kenako zii. Papita masabata atatu, batani lophatikizira likadali lozimiririka, ndipo mkulu uja akuoneka kuti watanganidwa ndi ntchito ya nthambi ina ya kampani.

Choyamba, onani ngati mwatsekeredwadi

Si mawu onse a `Changes requested` amene amaletsa kuphatikiza. Chiletso chimagwira ntchito pokhapokha zinthu ziwiri zikakumana: eni nkhokwe anaika lamulo loteteza nthambi yaikulu lofuna kuti pempho livomerezedwe kaye, ndipo wounikayo ali ndi chilolezo cholemba m'nkhokwemo. M'nkhokwe zotseguka kwa aliyense, munthu wongodutsa akhoza kusankha `Request changes`, koma chigamulo chake ndi maganizo chabe. Ngati palibenso lamulo loteteza nthambi, ngakhale kukana kwa mkulu wa gulu ndi chenjezo chabe, ndipo amene ali ndi chilolezo atha kuphatikiza.

Yankho lili m'bokosi la pansi pa tsamba la pempho, limene limatchula chilichonse chimene chikuletsa. Kuliwerenga bwino n'kofunika, chifukwa nthawi zina wounika amanamiziridwa pamene choletsa chenicheni ndi mayeso amene alephera, kapena kuwombana kwa zosintha zanu ndi zimene ena aphatikiza kale. Amene amagwiritsa ntchito chida cholembera malamulo cha `gh` atha kufunsa motere:

```
gh pr view 412 --json reviewDecision,latestReviews
```

Pakatuluka `CHANGES_REQUESTED`, ndiye kuti chigamulo chokana chikadalipo, ndipo dzina la mwini wake limaoneka pomwepo. M'nkhani yathu ndi zimene zatuluka, koma bokosi lija likuonetsanso kuti m'masabata atatuwo wina wasintha fayilo yomweyo, ndipo tsopano pali kuwombana. Uku ndiye kuipa kwa kudikira: nthambi yaikulu siima, ndipo pempho likamakhalitsa limatalikirana nayo.

Peputsani ntchito ya wobwerera

Wounika amene watha masabata atatu ali pa zina sakumbukira zimene anapempha. Akatsegula tsamba n'kuona kuti ayenera kuwerenganso zonse kuchokera pachiyambi, amati ndiona mawa, ndipo mawa lake silifika. Ntchito ya mwini pempho ndi kuchepetsa zimene munthuyo ayenera kuwerenga.

Pansi pa ndemanga iliyonse payankhidwe, ndipo yankho litchule nambala ya kagawo kamene kakonza nkhaniyo. GitHub imasandutsa nambalayo kukhala podina, moti wounika amangofika pa mizere yeniyeniyo. Ngati pali chimene simunachite chifukwa simukugwirizana nacho, nenani poyera ndi chifukwa chake. Kupinda ndemanga imene simunaitsatire, mwakachetechete, kumachititsa wounika kukayikiranso zina zonse.

Chenjezo lalikulu lili pa kukonza kuwombana kuja. Pali njira ziwiri. Ina ndi kukokera zatsopano za nthambi yaikulu m'nthambi yanu ndi `git merge main`, zimene zimasiya tizigawo takale mmene tinalili. Ina ndi `git rebase`, imene imalembanso mbiri yonse ya nthambi yanu n'kupatsa kagawo kalikonse nambala yatsopano, ndipo imafuna kutumiza mokakamiza. Njira yachiwiriyi imasiya mbiri yooneka bwino, koma ili ndi mtengo wake. Patsamba la mafayilo osinthidwa pali posankha kuti wounika aone zokhazo zimene zasintha chiunikireni iye. Mbiri ikalembedwanso, posankhapo pamatha kulephera kupeza kagawo kamene iye anaunika, kapena kusakaniza zanu ndi za ena. Pamene munthu akudikira wounika, ndi bwino kuwonjezera tizigawo pamwamba n'kudzayeretsa mbiri pophatikiza. Ngati malamulo a gulu akukakamiza kulembanso mbiri, mwini pempho atha kuonetsa kusiyana kwa ntchito yakale ndi yatsopano ndi lamulo limene linabwera mu Git 2.19 mu 2018, n'kumata zotuluka zake pa tsamba:

```
git range-diff main a1b2c3d HEAD
```

Apa `a1b2c3d` akuimira nambala ya kagawo komaliza kamene wounika anaona.

Bwezerani pempho m'manja mwake

Kudzanja lamanja la tsamba, pansi pa mutu wakuti `Reviewers`, pafupi ndi dzina la wounika pali kachizindikiro ka mivi iwiri yozungulira. Ndi batani la `Re-request review`. Kulidina kumabwezera pempho pa mndandanda wa munthuyo n'kumutumizira uthenga wonena kuti akufunika iyeyo. Batanili silichotsa chiletso, koma ndi njira imene GitHub imadziwira kuti tsopano wodikiridwa ndi wounika. Mapempho ambiri otsekeredwa amakhala kuti palibe anadina pamenepa. Ngati kachizindikiroko sikakuoneka chifukwa mulibe chilolezo chokwanira m'nkhokwe ya eni, lembani ndemanga yotchula munthuyo ndi `@` kutsogolo kwa dzina lake.

Batani liyende limodzi ndi uthenga umodzi wokwanira. Mawu ongoti "pali chatsopano?" amam'patsa munthu ntchito yofufuza yekha. Mtsikana wa m'nkhani yathu angalembe motere: "Akulu, zitatu zimene munapempha zija ndakonza. Ndalama tsopano zikuwerengedwa m'matambala, mayeso a katundu wobwezedwa ndawonjezera, ndipo dzina lija ndasintha. Manambala a tizigawo ali pansi pa ndemanga zanu. Zatsopano chiunikireni inu ndi mizere pafupifupi 40. Tikufuna zimenezi zilowe m'pulogalamu yotuluka Lachisanu la sabata yamawa. Ngati nthawi yakuthinani, ndiuzeni kuti ndipemphe wina aone m'malo mwanu."

Chiganizo chomalizachi n'chimene chimamasula zambiri. Wounika wotanganidwa nthawi zambiri amachita manyazi kunena kuti sakwanitsa, ndiye amangokhala chete. Akapatsidwa potulukira amayankha ndi mzere umodzi kuti pemphani wina, ndipo yankho limenelo ndi chilolezo chokwanira.

Kodi munthu adikire nthawi yaitali bwanji? Zimatengera malo. Malangizo a kaunikidwe ka khodi amene kampani ya Google inasindikiza amati wounika asapitirire tsiku limodzi la ntchito asanayankhe. Pakati pa anthu olembedwa ntchito pamodzi, masiku awiri kapena atatu akakwana n'koyenera kum'peza munthuyo panjira ina: pa foni, pa msonkhano wa m'mawa, kapena pa desiki pake. M'mapulogalamu olembedwa ndi anthu ongodzipereka, amene amaunika madzulo akaweruka kuntchito zawo, sabata imodzi kapena awiri si zachilendo. Nkhokwe zambiri zili ndi fayilo ya `CONTRIBUTING.md` imene imanena nthawi yodikira ndi kumene munthu angakadandaule, ndipo ndi bwino kuiwerenga musanakumbutse kachiwiri.

Kuchotsa chiletso

Wounika akapanda kuyankha ngakhale atakumbutsidwa, njira yotsala ndi `Dismiss review`. Imapezeka m'bokosi la pansi lija, pafupi ndi dzina la wokanayo. Amene angaigwiritse ntchito ndi anthu okhala ndi chilolezo cholemba m'nkhokwe, ndipo m'nkhokwe za mabungwe eni ake atha kuchepetsa kuti akhale anthu ochepa osankhidwa. GitHub imakakamiza wochotsayo kulemba chifukwa, ndipo chifukwacho chimakhala pa tsamba kuti aliyense aone. Ndemanga za wounika sizifufutika. Chimene chimasintha n'chakuti chigamulo chake chimasanduka ndemanga wamba. Kuchotsa chiletso sikuvomereza. Ngati lamulo likufuna chivomerezo chimodzi, chivomerezocho chikufunikabe, ndipo mwini pempho sangavomereze ntchito yake yomwe.

Batanili ndi losavuta kudina, n'chifukwa chake limafuna mwambo. Wounika woyamba anali ndi nkhawa yeniyeni, ndipo kusowa kwake sikunathetse nkhawayo. Wina ayenera kuisenza. Wounika wachiwiri asangowerenga khodi ngati yatsopano. Atenge ndemanga za woyamba imodzi ndi imodzi n'kuona ngati iliyonse yakwaniritsidwa monga inalembedwera.

M'nkhani yathu, mtsikanayo wapempha mayi amene amatsogolera gululo kuti alowererepo. Mayiyo wawerenga ndemanga yoyamba n'kuona mawu akuti paliponse pamene pulogalamu ikugwira ndalama. Wafufuza m'nkhokwe yonse:

```
git grep -n "float("
```

Patuluka mzere umodzi m'fayilo ya `discount.py`, imene imawerengera kuchotsera mtengo. Mtsikanayo anakonza fayilo ya malisiti yokha, ndipo mayeso onse anadutsa chifukwa panalibe mayeso a katundu wotsitsidwa mtengo. Chiletso chikanachotsedwa mongokhulupirira mawu akuti zonse zakonzedwa, tambala yosowa ija ikanabwereranso pa sitolo yoyamba kutsitsa mitengo. Mtsikanayo wakonza mzerewo n'kuwonjezera mayeso ake. Kenako mayiyo wachotsa chiletso ndi mawu awa: "Mfundo zitatu zonse ndaziona ndekha ndipo zakwaniritsidwa, kuphatikizapo fayilo ya kuchotsera mtengo. Tinakukumbutsani kawiri m'masabata awiri apitawa. Mukabwera n'kupeza chimene taphonya, tsegulani nkhani yatsopano ndipo tikonza." Atatero wavomereza, ndipo pempho laphatikizidwa.

Pali zoletsa zimene siziyenera kuchotsedwa motere. Ngati wounika anapempha zinthu zowerengeka, munthu wina aliyense wodziwa ntchito atha kutsimikiza kuti zachitika. Koma ngati anati njira yonseyi ndi yolakwika, kapena kuti ikutsegula mpata woti akuba alowe, nkhaniyo si ya kukonza mizere. Ndi kusagwirizana kumene gulu liyenera kukambirana n'kugamula. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati simungathe kuloza kagawo kamene kayankha ndemangayo, ndiye kuti sinayankhidwe. Pomwenso pali fayilo ya `CODEOWNERS`, imene imatchula eni a mbali iliyonse ya khodi, ndipo lamulo likufuna chivomerezo cha mwini, wolowa m'malo ayenera kukhala mmodzi mwa eni otchulidwawo.

Njira zachidule zimene zimabweretsa mavuto

Munthu wotopa ndi kudikira amatha kutseka pempho n'kutsegula latsopano la khodi yomweyo. Mawu ofiira amasowadi, koma zokambirana zonse zimatsala m'pempho lakale, ndipo wounika watsopano sadziwa kuti panali nkhawa ya matambala. Eni nkhokwe akazindikira amaona ngati chinyengo, ngakhale munthuyo analibe maganizo oipa.

Wina amene ali ndi chilolezo cholemba amatha kuchotsa yekha chiletso pa pempho lake lomwe. GitHub imalola ngati eni sanatseke mpatawo, koma zikatero kuunika kwatha ntchito, chifukwa woweruza kuti zakonzedwa ndi yemwe anakonza. Chimodzimodzinso woyang'anira nkhokwe amene amaphatikiza modumpha malamulo: pempho limalowa popanda mawu ofotokoza chifukwa chake kukana kuja kunanyalanyazidwa.

Vuto lina limachokera ku timapulogalamu todziyendera tokha tosesa mapempho akale. Kofala kwambiri, ka `actions/stale`, ngati sikanasinthidwe kamaika chizindikiro pa pempho limene latha masiku 60 popanda chochitika, n'kulitseka pakapitanso masiku 7. Kapulogalamuka sikasiyanitsa pempho limene mwini wake analithawa ndi limene likudikira wounika. Munthu amene anachita zonse zimene anauzidwa amangolandira uthenga woti ntchito yake yatsekedwa, ndipo wongodzipereka wotereyu kawirikawiri sabweranso. Eni nkhokwe atha kupewa zimenezi pouza kapulogalamuko kuti kazidumpha mapempho okhala ndi chizindikiro chodikira wounika.

Mmene magulu akuluakulu anakonzera

Magulu amene amalandira mapempho ochuluka anaona kuti gwero la vutoli ndi kusadziwika kwa amene akudikiridwa, ndipo anakonza pomwepo. Gulu losamala chilankhulo cha Python, limene linasamukira ku GitHub mu 2017, lili ndi kapulogalamu kotchedwa Bedevere. Mmodzi mwa akuluakulu a gululo akapempha zosintha, kapulogalamuka kamaika chizindikiro cha `awaiting changes` n'kuuza mwini pempho kuti akamaliza alembe chiganizo ichi:

```
I have made the requested changes; please review again
```

Akalemba, chizindikiro chimasintha kukhala `awaiting change review`, ndipo wounika amaitanidwanso. Gulu la chilankhulo cha Rust limachita zofanana: mwini pempho akalemba `@rustbot ready`, chizindikiro chimachoka pa `S-waiting-on-author` kupita pa `S-waiting-on-review`, ndipo kulemba `r?` kotsatana ndi dzina kumapereka pempho kwa wounika wina. M'magulu onse awiriwa, aliyense atha kutsegula mndandanda n'kuona mapempho amene mlandu wake uli kwa ounika.

Gulu la Node.js linalemba lamulo la kuchotsa chiletso. M'malangizo a mamembala ake muli mfundo yoti membala wina atha kufunsa wokanayo kuti afotokoze chimene akufuna, ndipo akapanda kuyankha kwa masiku 7 chifunsireni, kukanako kutha kuchotsedwa. Ubwino wa lamulo lolembedwa ndi wakuti wochotsa sachita mantha kuti akunyoza mnzake, ndipo wokanayo akabwera sangadandaule kuti am'pita kumbali, poti nthawiyo ankaidziwa kale.

Gulu laling'ono silifunika kapulogalamu kuti lichite zomwezi. Munthu mmodzi kamodzi pa sabata atha kulemba izi m'bokosi lofufuzira mapempho a nkhokwe:

```
is:pr is:open review:changes_requested sort:updated-asc
```

Patuluka mapempho onse otseguka okhala ndi chiletso, kuyambira limene lakhalitsa kwambiri osakhudzidwa. Pa lililonse funso ndi limodzi: kodi kagawo komaliza kanabwera chigamulo chisanaperekedwe kapena chitaperekedwa? Ngati kanabwera pambuyo, ndipo mwini wake akuti wamaliza, wodikiridwa ndi wounika. Wounika aliyense athanso kudzifufuza yekha powonjezera `reviewed-by:@me` pa mzere womwewo.

Udindo wa wodina batani lofiira

Mapempho ambiri otsekeredwa sakanatsekeredwa ounika akanasankha chigamulo mosamala. Mwa zinthu zitatu zimene mkulu wa m'nkhani yathu anapempha, ya matambala inali yoyeneradi chiletso, chifukwa ikanalowa yosakonzedwa ikanasokoneza ndalama za anthu. Dzina lakuti `calc` likanakhala lokha, `Comment` ikanakwana, kapena `Approve` yokhala ndi mawu akuti musinthe dzinali musanaphatikize. Amene wasankha `Request changes` walonjeza kuti abweranso, ndipo ngati akudziwa kuti sabata yamawa sadzakhalapo, ayenera kulemba m'chigamulo momwemo kuti zinthu izi zikachitika, aliyense wa m'gulu achotse chiletsochi osandidikira.

Zonsezi gulu litha kuzilemba m'mizere inayi m'fayilo ya `CONTRIBUTING.md`: mwini pempho akamaliza kukonza adine `Re-request review` n'kulemba zimene zasintha, wounika ali ndi masiku akutiakuti oti ayankhe kapena apereke pempho kwa wina, masikuwo akatha, munthu wina amene si mwini pempho aone ndemanga imodzi ndi imodzi, kenako achotse chiletso n'kulemba chifukwa, ndipo kukana kokhudza chitetezo kapena mapangidwe a pulogalamu yonse kuzipita ku msonkhano wa gulu. Chiwerengero cha masiku chikhoza kukhala 3 pakampani kapena 14 pakati pa ongodzipereka. Chofunika n'chakuti chilembedwe mkangano usanabuke, pamene palibe pempho la munthu aliyense limene lili pa mzere.